Koma Poyesa Zinayenda Bwinobwino!

Madzulo a Lamlungu pa 22 Epulo 2018, banki ya TSB ya ku Britain inamaliza kusamutsa maakaunti a makasitomala ake oposa 5 miliyoni. Kwa zaka zingapo bankiyi inkachita lendi makompyuta a banki ina ya Lloyds, ndipo tsopano inali kulowa m'makompyuta akeake, omwe anaikonzera ndi a Sabadell a ku Spain, omwe anaigula bankiyi mu 2015. Maina ndi ndalama za anthu zinafika bwinobwino kumalo atsopanowo. Vuto linabuka anthu atayamba kutsegula maakaunti awo pa foni ndi pa intaneti. Makasitomala ofika 1.9 miliyoni anakanika kulowa, ndipo ena omwe analowa anapeza akuona akaunti ya munthu wina yemwe sakumudziwa n'komwe. Mkulu wa bankiyi, a Paul Pester, anatula pansi udindo mu Seputembala, ndipo zinthu zinabwerera mwakale mu Disembala. Chipwirikiticho chinadyera bankiyi mapaundi pafupifupi 330 miliyoni, kenaka mu 2022 mabungwe oyang'anira mabanki anailipitsa chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni.

Munthu akamva izi amafulumira kunena kuti anthuwa sanayese makina awo. Anayesa ndithu, kwa miyezi yambiri. Kafukufuku yemwe anachitika pambuyo pake, kuphatikizapo lipoti la maloya a Slaughter and May la mu Novembala 2019, anapeza zifukwa zambiri, kuthamanga kukhala chimodzi mwa izo. Koma pali chimodzi chomwe aliyense wogwira ntchito ya mapulogalamu amati akachimva thupi limachita tsemwe. Bankiyi inali ndi nyumba ziwiri zosungiramo maseva, zomwe zinkayenera kugwira ntchito limodzi nthawi imodzi, ndipo zinkayenera kufanana ndendende. Sizinafanane, zinatcheredwa mosiyana. Ndipo poyesa ngati makinawo angapirire khamu la anthu, anayesera nyumba imodzi yokha, poopa kusokoneza ntchito zina monga za makina a ATM zomwe zinali zitayamba kale kutumikira anthu. Choncho nyumba ziwirizo zinayamba kusenzera limodzi katundu weniweni pa tsiku lomwe makasitomala anafika.

Zomwe anayesa zinali zina, zomwe anapatsa anthu zinali zina. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Pulogalamu iliyonse ya banki, ya ndalama za pa foni kapena ya mayeso a sukulu imakhala m'malo angapo nthawi imodzi. Pali kompyuta ya mlembi wake, momwe amayeseramo payekha. Pali malo enieni, omwe pa makompyuta amalembedwa kuti `production`, komwe kuli makasitomala ndi ndalama zawo. Ndiye pakati pa awiriwa pali malo oyesera, a `staging`, komwe pulogalamu yatsopano imayamba yaikidwa kuti anthu aiputepute isanapite kwa eni ndalama. Zili ngati kwaya yomwe imaphunzira nyimbo m'kalasi sabata yonse, koma Lamlungu ikukaimba m'tchalitchi chachikulu momwe mawu amabwerera, ndi zokuzira mawu zomwe sinazigwirepo. Nyimbo ndi yomweyo, oimba ndi omwewo, koma kalasiyo sinawauze zonse.

Lonjezo la malo oyesera ndi limodzi: chikayenda kuno, chikayendanso uko. Lonjezoli limakhala loona pokhapokha malo awiriwa akafanana pa zinthu zomwe pulogalamuyo imadalira. Ndipo tisanamizane, kufanana kotheratu kulibe. Palibe kampani yomwe ingagule maseva 40 oti azingodikira oyesa chifukwa choti kumalo enieni kuli maseva 40. Kusiyana kudzakhalapo basi. Funso ndi loti ndi kusiyana kuti komwe tingakulole, ndipo ndani akukudziwa.

Tiyeni tiyerekeze ndi kampani yaing'ono yomwe ili ndi pulogalamu yolipirira mabilu. Pofuna kusunga ndalama, kumalo oyesera anaikako seva imodzi, pomwe kumalo enieni kuli maseva awiri, ndipo kutsogolo kwawo kuli makina ogawa ntchito omwe amatumiza pempho ili kwa seva yoyamba, lotsatira kwa yachiwiri, mosinthanasinthana. Mlembi wina wakonza njira yatsopano yolowera, ndipo waikonza moti munthu akalemba nambala yake yachinsinsi, seva imamukumbukira m'mutu mwake momwemo, osalemba pena paliponse. Kumalo oyesera zonse zikuyenda, chifukwa seva yomwe yakulandira ndi yomweyonso ikuyankha mukadina batani lotsatira. Oyesa asayina kuti zili bwino. Pulogalamu yapita kwa anthu. Kasitomala walowa kudzera pa seva yoyamba, wadina kuti alipire, pempho lake lagwera pa seva yachiwiri yomwe sikumudziwa, ndipo yamuuza kuti alowenso. Walowanso, ulendo uno zatheka. Mnzake zamukanika katatu.

Vuto lotere lili ndi chizindikiro chake. Silichitika nthawi zonse, koma pafupifupi theka la maulendo, ndipo mlembi akaliyesa kumalo oyesera silioneka ngakhale kamodzi. Apa m'pomwe pamamveka mawu otchuka aja akuti "koma kwanga zikuyenda." Wodziwa ntchito akamva kuti chinthu chikulephera mwa apo ndi apo, amatsegula kaundula wa zochitika n'kuona dzina la seva yomwe inayankha pempho lililonse lolephera. Akapeza kuti olephera onse ndi omwe analowera pa seva ina n'kuyankhidwa ndi ina, mlandu watha. Mankhwala ake ndi oti chikumbutso cha omwe alowa chizisungidwa pamalo amodzi omwe maseva onse amafikapo, monga mu Redis kapena m'nkhokwe ya deta. Koma kuti vutoli lisadzabwerenso mwa mtundu wina, malo oyesera akhale ndi maseva awiri. Akhoza kukhala ang'onoang'ono, otchipa, koma akhale awiri. Kusiyana kwa maseva 2 ndi 40 ndi kwa kukula chabe. Kusiyana kwa seva imodzi ndi maseva awiri ndi kwa kamangidwe. Mukachepetsa malo oyesera, chepetsani msinkhu, osati maonekedwe.

Kusiyana kwina kumabisala m'tinthu tomwe palibe amatiganizira. Maseva ambiri obwereka kunja amayendera nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi ndi ku Zambia. Tinene kuti seva yoyesera ili mu ofesi ku Lilongwe ndipo wina anaitchera pa nthawi yathu, koma yeniyeni ili pa UTC. Munthu walipira bilu 1 koloko usiku pa 1 Julayi. Kwa seva yeniyeni imeneyo ndi 11 koloko usiku pa 30 Juni, ndipo ndalamayo yalowa m'lipoti la mwezi watha. Oyesa sakanaliona vutoli ngakhale akanayesa chaka chathunthu. Wowerengera ndalama ndi yemwe adzalipeze pakutha pa mwezi, mabuku akakana kugwirizana. Kulemba `timedatectl` pa maseva onse awiri kukanaulula zonse m'kanthawi kochepa.

Nanga malo omwe anayamba ofanana amasiyana bwanji? Kawirikawiri si mwadala. Usiku wina malo enieni avuta, mafoni akulira, ndipo katswiri walowa pa seva n'kusintha nambala imodzi ndi manja kuti anthu apitirize kulipira. Zatheka, wapita kukagona, ndipo m'mawa waiwala kuti kumalo oyesera nambalayo ikadali yakale. Mwezi wina woyesa wakweza mtundu wa nkhokwe ya deta kumalo oyesera pofuna kuona chinachake, osabwezeretsa. Pakatha zaka ziwiri kusintha kotere kwachuluka, palibe pomwe kunalembedwa, ndipo ena mwa omwe anakuchita anasiya ntchito kalekale.

N'chifukwa chake magulu osamala amakana kumanga maseva ndi manja. Amalemba kamangidwe konse m'mafayilo, pogwiritsa ntchito zida monga Terraform kapena Ansible, ndipo malo onse awiri amamangidwa kuchokera m'mafayilo omwewo. Zomwe zikuloledwa kusiyana, monga kukula kwa maseva, maadiresi ndi mawu achinsinsi, zimakhala m'kafayilo kakekake komwe munthu angawerenge n'kumaliza asanamwe tiyi. Kenaka usiku uliwonse makina amafunsa ngati zomwe zilipo zikugwirizanabe ndi zomwe zinalembedwa:

```
terraform plan -detailed-exitcode
```

Lamuloli likabweza 0 ndiye kuti palibe chasintha. Likabweza 2 ndiye kuti pali kusiyana, ndipo wina auzidwe m'mawa. Koma chidachi chimaona zokhazo zomwe chinauzidwa kuti chiziyang'anira. Fayilo yomwe katswiri uja anasintha mkati mwa seva sichingaione. Pachifukwa chimenechi ena amafafaniza malo oyesera onse n'kuwamanganso pafupipafupi, kuti zosintha za m'manja zisakhalitse. Lamulo lina losavuta ndi loti pulogalamu iumbidwe kamodzi kokha, ndipo phukusi lomwe layesedwalo ndi lomwelo lipite kwa anthu. Mukaumbanso lina, mwina mwalowa kachidutswa katsopano komwe sikanayesedwe.

Nkhani ya deta ndiyo imavuta kwambiri, ndipo apa anthu anzeru amatsutsana. Malo oyesera omwe ali ndi makasitomala ongopeka 500, onse a maina aukhondo ndi manambala olembedwa bwino, amanama pawiri. Poyamba amanama pa liwiro. Funso lofufuza munthu pa nambala yake ya foni limayankhidwa nthawi yomweyo pakati pa mizere 500, ngakhale nkhokwe ikuwerenga mzere uliwonse. Pa mizere 5 miliyoni funso lomwelo, ngati palibe mlozera, likhoza kuimitsa aliyense. Kuika mawu oti `EXPLAIN` patsogolo pa funsolo kumaonetsa ngati nkhokwe ikutsata mlozera kapena ikuwerenga zonse, koma yankho lake limatengeranso kuchuluka kwa deta yomwe ilimo. Kachiwiri amanama pa ukhondo. Deta yeniyeni ndi yauve: nambala ina inayamba ndi 0, ina ndi +265, ina ili ndi mipata pakati, dzina ngati Ng'oma lili ndi kachizindikiro komwe kamagwetsa mapulogalamu olembedwa mosasamala.

Ndiye ena amati, bwanji osangokopera deta yeniyeni yonse? Ambiri amachitadi zimenezo, ndipo ine ndimaziona ngati kusewera ndi moto. Malo oyesera amalowamo anthu ambiri, ophunzira ntchito ndi makampani akunja omwe, ndipo maloko ake ndi ofooka. Kuikamo maina, manambala ndi ndalama za anthu enieni n'kuwaika pambalambanda, pomwe Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo mayiko ena anali nalo kale. Njira yabwino ndi kukopera kuchuluka ndi maonekedwe a deta, koma maina, manambala ndi maadiresi zisinthidwe zisanatuluke kumalo enieni, osati zitafika kale. Ndipo zitseko zotulukira kunja zitsekedwe, kuti mauthenga a pa foni ndi maimelo ochokera kumalo oyesera azigwera m'bokosi lonamizira. Mu Juni 2021 olembetsa ambiri a HBO Max ku America analandira imelo ya mutu woti `Integration Test Email #1`. Kampaniyo inapepesa n'kunena kuti anali wophunzira ntchito, anthu anaseka zinatha. Ukanakhala uthenga wouza anthu kuti ali ndi ngongole, sipakanakhala kuseka.

Tsopano tifike pa mkangano womwe umadya masiku ambiri kuposa china chilichonse: malo oyesera ndi amodzi, ofuna kuyesa ndi ambiri.

Tibwerere ku kampani yathu yongoyerekeza ija, yomwe tsopano yakula ndipo ili ndi magulu awiri. Gulu loyamba likukonza zobweza ndalama kwa olipira molakwitsa, ndipo Lolemba laika ntchito yake kumalo oyesera. Woyesa wawo wakonza makasitomala ongopeka 20, aliyense ndi vuto lakelake, ndipo wayamba kuwadutsa mmodzimmodzi. Lachiwiri masana gulu lachiwiri, lomwe likukonza malipoti, laikanso ntchito yake. Ntchitoyo yabwera ndi kusintha kwa nkhokwe ya deta: danga lomwe linali `phone` tsopano ndi `msisdn`. Kuti malipoti awo aoneke bwino, afufutanso makasitomala onse ongopeka n'kuikamo awo. Woyesa wa gulu loyamba akubwera kuchokera ku nkhomaliro, wapeza kubweza ndalama kukukanika. Walemba lipoti la vuto. Mlembi wake watha masana onse kusaka cholakwa m'ntchito yomwe ilibe cholakwa.

Kutaya tsiku n'kopweteka, koma pali choopsa china chachikulu. Nthawi zina zimachitika mosemphana: ntchito ya gulu loyamba yayenda bwino kumalo oyesera chifukwa choti ikudalira, mosadziwa, kusintha kwa gulu lachiwiri komwe sikunapite kwa anthu. Ikapita yokha, yagwa. Choopsa chinanso n'chakuti anthu akazolowera kuti malo oyesera amavutavuta, amasiya kuwakhulupirira. Mayeso akalephera amangoti "ndi malowa, yesaninso," ndipo tsiku lina vuto lenileni limadutsa pansi pa mawu omwewo.

Chinthu choyamba chothandiza n'chotchipa kwambiri: aliyense azitha kuona chomwe chili m'malomo pa nthawiyo. Pulogalamu ikhale ndi katsamba kosonyeza nambala ya ntchito yomwe yaikidwa, yemwe anaiika ndi nthawi yake.

```
curl https://staging.example.com/version
```

Woyesa ayambe waona pamenepo asanayese, ndipo aonenso asanalembe lipoti la vuto. Ngati nambala yasintha pakati, zotsatira zake n'zotaya.

Chachiwiri ndi kusungitsa malo. Gulu limalemba kuti lawatenga kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti, kaya pa kalendala ya onse, kaya pa bolodi la mu ofesi. Chofunika n'chakuti kusungitsako kuzitha kokha nthawi ikakwana, apo ayi mudzapeza malo atagwidwa sabata ziwiri ndi munthu yemwe ali kumudzi kumaliro. Makina oikira mapulogalamu alinso ndi loko wawo. Mu GitHub Actions amalembedwa chonchi:

```
concurrency:
  group: staging
  cancel-in-progress: false
```

Lokoyu amaletsa ntchito ziwiri kuikidwa nthawi imodzi, koma amatseguka ntchito yoikayo ikangotha. Sateteza woyesa yemwe akufuna maola anayi akudina ndi manja. Ambiri amapusitsika pamenepa.

Zina ndi za khalidwe. Aliyense adzipangire makasitomala ake ongopeka, okhala ndi chizindikiro cha gulu lake, ndipo afufute akewo basi. Kusintha kwa nkhokwe ya deta kuchitike m'magawo: onjezani danga la `msisdn` pambali pa `phone`, lembani monse muwiri, ndipo lakalelo mudzalichotse aliyense atasamuka. Njirayi ndi yotopetsa, komabe imapulumutsanso kumalo enieni, komwe pulogalamu yakale ndi yatsopano zimayenderana kwa mphindi zingapo maseva akamasinthidwa imodziimodzi.

Njira yomwe yafala m'zaka zapitazi ndi yothetseratu kulimbirana: ntchito iliyonse yatsopano ipatsidwe malo akeake ongoyembekezera, omangidwa ndi makina pogwiritsa ntchito Docker kapena Kubernetes, n'kuwafafaniza ntchitoyo ikavomerezedwa. Ndi njira yabwino, ndipo komwe ingatheke ichitike. Koma omwe amaitamanda nthawi zambiri satchula malire ake. Malo oterewa amalipiridwa pa ola, m'madola, ndipo oiwalika osafafanizidwa amaonekera pa bilu. Deta yake imakhala yochepa, chifukwa simungakopere mizere 5 miliyoni pa ntchito iliyonse. Komanso pali zinthu zomwe si zanu. Banki kapena kampani ya ndalama za pa foni kawirikawiri imakupatsani akaunti imodzi yoyesera, ndi adiresi imodzi yomwe imatumizako yankho loti malipiro atheka. Mukhale ndi malo ongoyembekezera 10, yankholo lipita kumodzi. Enawo ayenera kugwiritsa ntchito kapulogalamu konamizira bankiyo, ndipo konamizirako kamangodziwa zomwe mlembi wake anaganizira. Sikachedwa kuyankha kapena kuyankha kawiri monga zenizeni zimachitira nthawi zina.

Choncho malo amodzi a onse sachoka. Chomwe chimasintha ndi ntchito yake. Asiye kukhala bwalo la aliyense, akhale khomo lomaliza lolowamo zokhazo zomwe zayesedwa kale kwina ndipo zikupita kwa anthu posachedwa, motsatana monga momwe zidzapitire. Akhalenso ndi mwini, munthu wodziwika dzina yemwe ali ndi mphamvu yokana ndi yoweruza magulu akalimbirana. Malo a aliyense sakonzedwa ndi aliyense.

Ngakhale zonsezi zitachitika, pali zina zomwe zidzaonekere kwa anthu enieni basi: khamu la tsiku lolandira malipiro, foni yakale, netiweki yodukaduka. N'chifukwa chake magulu ochenjera amayamba apereka pulogalamu yatsopano kwa makasitomala ochepa, mwina mmodzi pa 100 alionse, n'kumayang'ana zolephera asanatsegulire onse, njira yobwererera ili chikonzekere.

Ngati ndinu mkulu wa bungwe, wa sukulu kapena wa kampani, ndipo akatswiri abwera ndi pepala loti musayine kuti pulogalamu yayesedwa, simukufunika kudziwa kulemba mapulogalamu kuti mufunse zoyenera. Afunseni kuti malo omwe anayeserawo akusiyana pati ndi malo enieni, ndipo akuonetseni mndandanda wake wolembedwa. Afunseninso kuti pa masiku oyesawo ndani wina ankaikamo zinthu. Akayankha kuti malowo ndi ofanana ndendende, musasayine.